Kuwerenga mayankho si kukonzekera mayeso: mmene ophunzira a ku Ntchisi angapindulire ndi mapepala akale a MANEB

Teremu yachitatu ikayandikira, katundu amene amayenda malonda pakati pa ophunzira a Fomu 4 ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyomu. Kuyambira pa Boma la Ntchisi mpaka ku Malomo, ngakhalenso kutsidya ku Mponela ndi ku Madisi m'boma la Dowa, pepala limodzi limadutsa m'manja ambiri mpaka m'mphepete mwake mutanyenyeka. Ena amagula mapamfuleti okhala ndi mafunso pamodzi ndi mayankho ake, ena amatumizirana zithunzi za mapepalawo pafoni. Khama limeneli ndi lenileni ndipo palibe angalinyoze. Vuto lili pa zimene ophunzira ambiri amachita akalipeza pepalalo. Amawerenga funso, n'kuyang'ana yankho lomwe lili pansi pake, n'kugwedeza mutu kuti amva, basi n'kupita pa funso lina. Amatero mpaka usiku, koma cholembera sichikhudza pepala.

Pepala lakale ndiponso manotsi a m'kalasi zimayamba kuthandiza pokhapokha zikasandutsidwa mafunso oti munthu ayankhe buku litatsekedwa, ndipo funso lililonse likhale ndi mfundo zake zochongera, zolembedwa padera, zosonyeza chimene chikupatsa malikisi aliwonse. Pa zinthu ziwirizi, mfundo zochongera ndiye zofunika kwambiri, chifukwa ndi zomwe zimauza wophunzira ngati akudziwadi kapena akungoganiza kuti akudziwa. Ntchitoyi siilira ndalama zambiri, ndipo n'chifukwa chake ikuyenera kwambiri sukulu za sekondale zoyendera za m'midzi, zomwe timazitcha ma CDSS, kumene buku limodzi amalimbirana anthu angapo.

Chifukwa chake kuwerenga kokha kumanyenga

Munthu akaona chinthu kachiwiri kapena kachitatu, maso amachizolowera, ndipo kuzolowerako amakuyesa kudziwa. Koma m'chipinda cha mayeso simukhala yankho loti maso alizindikire. Mumakhala mizere yopanda kanthu, ndipo yankho liyenera kuchokera m'mutu. Kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa wekha ndi maluso awiri osiyana, ndipo mayeso a MSCE amafuna kwambiri lachiwirili. Akatswiri awiri a ku yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis ku Amereka, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa izi mu 2006. Anapatsa ophunzira nkhani zifupizifupi kuti awerenge. Kenako pa nkhani zina ophunzirawo anawerenganso kachiwiri, pomwe pa zina anatseka pepala n'kulemba zonse zomwe ankakumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, kuwerenga kawiri ndiko kunaoneka kopambana. Koma patatha sabata imodzi zinthu zinatembenuka: pa nkhani zomwe anadziyesa anakumbukira mfundo 56 pa 100 zilizonse, pomwe pa zomwe anangowerenganso anakumbukira 42 zokha.

Zotsatira za mphindi zisanu zija ndiye msampha umene ophunzira athu amagwamo. Usiku umene wawerenga pamfuleti, mutu umaoneka ngati wadzaza, ndipo palibe chimene chingakuchenjeze kuti pofika Lachisanu zambiri zikhala zitauluka. Mu 2013 gulu lina la akatswiri lotsogozedwa ndi John Dunlosky linaunika njira khumi zomwe ophunzira amagwiritsa ntchito powerenga. Njira ziwiri zokha ndizo zinapezeka zothandiza kwambiri: kudziyesa ndi mafunso, ndi kugawa kuwerengako pa masiku otalikirana m'malo mopanikiza zonse usiku umodzi. Kubwereza kuwerenga ndi kudula mizere kunsi kwa mawu zinali m'gulu la njira zopindula pang'ono. Komatu njira ziwiri zofookazi ndi zomwe zimadya nthawi yambiri ya ophunzira m'makalasi mwathu madzulo.

Pepala lakale lisefedwe kaye

Ntchito yoyamba si kuyankha ayi, koma kusefa. Bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba, lafunsa mayeso pa masilabasi osiyanasiyana m'zaka zonsezi, ndipo si funso lililonse lakale lomwe likadali ndi ntchito. Maphunziro a sekondale atakonzedwanso kuyambira mu 2015, phunziro la sayansi lomwe kale linkaphatikiza Fizikisi ndi Kemisitire linagawidwa pawiri, ndipo mitu ya m'maphunziro ena inasunthidwa kapena kuchotsedwa. Wophunzira amene watola pepala la 2010 n'kuyamba kulimbana ndi funso lililonse akhoza kutaya sabata pa mutu umene sadzaufunsidwa. Choncho gulu la ophunzira anayi kapena asanu libwereke silabasi kwa aphunzitsi a phunzirolo, likopere mndandanda wa mitu yake pa tsamba loyamba la kope, kenako litenge mapepala a zaka zingapo n'kulemba pafupi ndi mutu uliwonse chaka, nambala ya funso ndi malikisi ake. Funso lomwe silikupeza mutu wake m'silabasi liikidwe pambali mpaka aphunzitsi alione.

Tsamba limeneli likatha, limaonetsa zinthu ziwiri. Limaonetsa mitu yomwe imafunsidwa kawirikawiri ndi mmene amaifunsira, komanso limaonetsa mitu yomwe ili m'silabasi koma siinaonekepo m'mapepala amene gululo lili nawo. Ambiri amaona mitu yachiwiriyi ngati yoti aidumphe, ndipo apa ndi pomwe kulosera mayeso kumapweteka anthu. Mutu uliwonse umene uli m'silabasi ukhoza kubwera. Kusowa kwake m'mapepala akale kukutanthauza kuti mafunso ake gulu liyenera kuwapanga lokha kuchokera m'manotsi.

Funso limodzi la zaulimi, kulisanthula mpaka kumapeto

Titenge chitsanzo m'phunziro la zaulimi, pa mutu wowerengera kuchuluka kwa mbewu m'munda, nkhani yomwe mwana aliyense wa ku Ntchisi amaiona ndi maso. Tiyerekeze kuti gulu lalemba funso ili motsanzira kafunsidwe ka m'mapepala akale: mlimi ali ndi munda wa mahekitala 0.4, mizere yake yatalikirana masentimita 75, mapando atalikirana masentimita 25, ndipo wabzala njere imodzi ya chimanga pa phando. Werengerani kuchuluka kwa mbewu m'mundamo, malikisi 4. Pamfuleti ingangolemba kuti yankho ndi 21,333. Wophunzira amene waloweza nambala imeneyi sanapindule kanthu, chifukwa chaka chino manambala adzakhala ena. Chofunika ndi kufunsa kuti malikisi anayiwo akubisala pati, ndipo gulu liwalembe motere kuseri kwa tsamba. Oyamba ndi osandutsa mahekitala 0.4 kukhala masikweyamita 4,000, popeza hekitala imodzi ndi masikweyamita 10,000. Achiwiri ndi osandutsa masentimita kukhala mamita n'kupeza malo a phando limodzi: 0.75 × 0.25 = 0.1875. Achitatu ndi ogawa malo a munda ndi malo a phando, 4,000 ÷ 0.1875, n'kuchulukitsa ndi njere za pa phando. Achinayi ndi a yankho lenileni, mbewu 21,333, lotchula kuti ndi mbewu, osati nambala yongoima payokha.

Pansi pa mfundo zinayizi palembedwenso cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi chizindikiro chake. Pa funso ili, ambiri amaiwala kusandutsa masentimita, amachulukitsa 75 ndi 25 n'kupeza 1,875, ndipo akagawa 4,000 ndi nambala imeneyi amapeza mbewu ziwiri ndi kachidutswa. Palibe mlimi wa ku Nthondo amene angavomere kuti munda wa pafupifupi ekala imodzi ukhale ndi mapesi awiri, ndipo wophunzira azolowere kufunsa ngati yankho lake lingachitikedi m'munda. Wolakwa chotereyu, pa mfundo za gulu zija, asapatsidwe ziro. Wapeza malikisi oyamba chifukwa cha 4,000, wapezanso achitatu chifukwa njira yogawira ndi yolondola, wataya achiwiri ndi achinayi. Akaona izi amadziwa kuti matenda ake si mutu wonse ayi, koma kusandutsa miyeso, ndipo amadziwanso phindu loonetsa njira yonse papepala m'malo molemba yankho lokha. Kungoyang'ana yankho la m'pamfuleti kukanamuuza kuti walakwa, osamuuza pomwe walakwira.

Funso limodzili likhoza kubereka ena atatu, ndipo apa ndi pomwe pepala lakale limasanduka nkhokwe. Loyamba ndi losintha manambala: munda womwewo ubzalidwe mwakale, mizere masentimita 90, mapando masentimita 90, njere zitatu pa phando. Malo a phando ndi 0.81, mapando ndi pafupifupi 4,938, ndipo mbewu ndi pafupifupi 14,815. Amene amaiwala kuchulukitsa ndi njere zitatu agwidwa pano, pomwe pa funso loyamba lija sakanaoneka chifukwa kuchulukitsa ndi 1 sikusintha kanthu. Lachiwiri ndi lotembenuza: mlimi akufuna mbewu 53,333 pa hekitala, mizere ndi masentimita 75, njere ndi zitatu pa phando, pezani kutalikirana kwa mapando. Apa 10,000 × 3 ÷ 53,333 zipereka 0.5625, ndipo kugawa ndi 0.75 kupereka mamita 0.75, kutanthauza masentimita 75. Woloweza njira popanda kuimvetsa amaima pa funso ili. Lachitatu ndi lofuna chifukwa: fotokozani ubwino umodzi wobzala njere imodzi pa phando poyerekeza ndi zitatu, pamene kuchuluka kwa mbewu pa hekitala n'kofanana, malikisi 2. Amodzi ndi otchula kuti mbewu sizilimbirana chakudya, madzi ndi kuwala pamalo amodzi, ena ndi olumikiza zimenezi ndi kukula bwino kwa mbewu ndi zisononkho zake.

Manotsi nawo asandulike mafunso

Manotsi amene aphunzitsi amalemba pabolodi amakhala ziganizo zonena zinthu, ndipo chiganizo chilichonse chotere ndi yankho la funso lomwe silinalembedwe. Ntchito ya gulu ndi kulemba funsolo. Titenge ndime ya manotsi yonena za soya, mbewu yomwe alimi ambiri a ku Ntchisi amadalira. Ndimeyo inena kuti mizu ya mbewu za m'gulu la nyemba imakhala ndi timatuza momwe mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Kuchokera apa patuluke mafunso a makwerero atatu. Lapansi ndi lotchula: tchulani mbewu ziwiri zomwe zimaonjezera nayitirojeni m'nthaka, malikisi 2, ndipo mfundo zochongera zilembe mayankho onse ovomerezeka, soya, mtedza, nyemba, nandolo, khobwe, kuti wochonga asakane yankho lolondola chifukwa choti silinali m'mutu mwake. Lapakati ndi lofotokoza: fotokozani mmene soya amaonjezerera chonde, malikisi 3, amodzi a mabakiteriya a m'timatuza ta mizu, ena a kusandutsa nayitirojeni wa mumpweya, otsiriza a kuwola kwa mizu ndi masangwi komwe kumasiya chakudyacho m'nthaka. Lapamwamba ndi logwiritsa ntchito: mlimi wabzala chimanga pamalo amodzi zaka zisanu ndipo masamba akuyamba kuchita chikasu kuyambira m'munsi, mulangizeni mbewu yoti abzale chaka chamawa ndipo perekani chifukwa.

Mawu oyamba a funso ndi amene amalamula kukula kwa yankho, ndipo mfundo zochongera ziyenera kuwamvera. Funso loti tchulani limakhutira ndi mawu amodzi kapena awiri. Loti fotokozani limafuna mfundo ndi chifukwa chake kapena zotsatira zake, choncho wolemba kuti soya amaonjezera nayitirojeni n'kulekera pomwepo wangobwereza funso ndipo asapatsidwe kanthu. Ophunzira ambiri amataya malikisi pamenepa, osati chifukwa chosadziwa, koma chifukwa choyankha funso lofotokoza ngati lotchula, kapena kudzaza theka la tsamba pa funso la malikisi amodzi nthawi n'kuwathera. Munthu amene walembapo yekha mfundo zochongera kangapo amayamba kuona funso ndi maso a wochonga: akaona malikisi 3 amadziwa kuti pakufunika zinthu zitatu zosiyana, osati chinthu chimodzi chonenedwa katatu. Popeza maphunziro onse kupatula Chichewa ndi zinenero zina amalembedwa m'Chingerezi, gulu likambirane m'Chichewa mpaka aliyense amvetse, koma funso, yankho ndi mfundo zochongera zilembedwe m'Chingerezi ndi mawu enieni a m'silabasi, chifukwa ndi mawu amenewo amene adzafunike pa tsikulo.

Kayankhidwe kake kakhale ndi malamulo ochepa koma osaphwanyidwa. Amene walemba funso asaliyankhe tsiku lomwelo, alipereke kwa mnzake. Makope atsekedwe, ndipo nthawi iwerengedwe pogawa mphindi za pepala ndi malikisi ake: ngati pepala ndi la mphindi 120 ndipo malikisi ndi 100, funso la malikisi 4 lisapitirire mphindi zisanu. Munthu asadzichonge yekha, chifukwa aliyense amadzikomera mtima n'kunena kuti ndi zomwe ndimatanthauza. Funso lomwe wina walakwa liikidwe chizindikiro, libwerenso mawa lake, kenako patatha sabata, kenako patatha mwezi, ndipo lichoke pa mndandanda pokhapokha atalikhoza maulendo awiri otsatizana.

Zomwe otsutsa anganene

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti ophunzira akhoza kulemba mfundo zochongera zolakwika n'kuphunzitsana bodza. Izi n'zoona, ndipo zimachitika. Koma ngozi yomweyi ili kale m'mapamfuleti ogulitsidwa m'misika, omwe ena mwa iwo sadziwika amene anawalemba, ndipo ophunzira amawakhulupirira chifukwa choti ndi otayipidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mfundo za gulu zili ndi njira yozikonzera. Mfundo iliyonse ikhale ndi tsamba la buku lovomerezeka kapena la manotsi pomwe yachokera, ndipo yopanda gwero ilembedwe ndi pensulo. Anthu awiri akachonga yankho limodzi n'kusiyana ndi malikisi oposa amodzi, ndiye kuti mfundozo sizinalembedwe momveka, zikonzedwe. Zotsalazo zipite kwa aphunzitsi. Kuona tsamba limodzi la mfundo zochongera kumawatengera aphunzitsi nthawi yochepa kuposa kuchonga makope a kalasi yonse, choncho njirayi imawapeputsira ntchito aphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza. Aphunzitsi omwe anakachongako mayeso a MANEB, komanso malipoti a akuluakulu ochonga omwe amafotokoza pomwe olemba mayeso analakwitsa, ndi chuma choyenera kugawana pakati pa sukulu za m'kilasita imodzi. Ndipo gulu lizikumbukira kuti mfundo zake ndi zoyeserera, si za MANEB ayi.

Ena anganene kuti uku ndi kuphunzitsa ana mayeso m'malo mowaphunzitsa nzeru. Mawu amenewa akugwira bwino kuloweza mayankho a m'pamfuleti, koma sakugwira njira imene tafotokozayi. Wophunzira amene watembenuza funso la mapando n'kupeza kutalikirana kwake, kapena walangiza mlimi wa chimanga chachikasu, wagwiritsa ntchito nzeru yomwe ingamuthandize m'munda mwa makolo ake ngakhale mayeso atapita. Malire alipo ndithu. Mayeso ochita ndi manja a Bayoloje, Fizikisi, Kemisitire ndi zaulimi amafuna kugwira zipangizo, ndipo palibe funso la papepala lomwe lingalowe m'malo mwa kuyeza ndi kuona wekha. Chimangirizo cha Chingerezi kapena cha Chichewa nachonso sichingagawidwe malikisi mfundo ndi mfundo mofanana ndi masamu, chimafuna diso la mphunzitsi. Njirayi siithandizanso pa mutu umene munthu sanauphunzire n'komwe, chifukwa sungakumbukire chimene sunachimvepo.

Chotsutsa chachitatu ndi nthawi. Wophunzira wa pa CDSS amayenda mtunda wautali m'mapiri, akafika kunyumba pali madzi oti atunge ndi ntchito ya kumunda, ndipo nyumba zambiri zilibe magetsi. Kulemba mafunso kungaoneke ngati katundu woonjezera. Koma nthawi yake ichokere pa maola omwe akutayika kale pobwereza kuwerenga ndi kukopera manotsi mwaukhondo. Anthu asanu, aliyense akalemba mafunso anayi pa sabata, ndiye kuti gulu lili ndi mafunso 20, ndipo pa masabata khumi lili ndi 200, onse m'kope limodzi, popanda kulipira fotokope. Kulemba funso ndi mfundo zake nakonso ndi kuwerenga, chifukwa sungagawe malikisi atatu pa chinthu chimene sunachimvetse.

Pali chifukwa china chomwe nkhaniyi ikufunikira. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa dziko lonse mapepala ena atabedwa, ndipo ophunzira analembanso kumayambiriro kwa 2021, osalakwa ndi olakwa omwe. Msika wa likasa ndi mapepala onamizira kuti ndi obedwa umakula chifukwa cha mantha a wophunzira amene sakudziwa pomwe waima. Amene wayankha mafunso mazana awiri buku litatsekedwa, n'kuchongedwa ndi anzake mosakondera, amadziwa mitu yomwe waigwira ndi yomwe ikumuvuta, ndipo sasowa wina womugulitsa chiyembekezo. Pa MSCE, kuchoka pa giredi 7 kufika pa 6 ndiko kuchoka pa kungokhoza kufika pa kirediti, ndipo kusiyana kotereku kukhoza kukhala malikisi ochepa otayika pa masentimita osasandutsidwa kapena pa funso lofotokoza loyankhidwa mwachidule.

Akuluakulu a sukulu za ku Ntchisi ndi Dowa, pamodzi ndi alangizi a m'chigawo cha maphunziro cha Central East chomwe likulu lake lili ku Kasungu, sakusowa thumba la ndalama latsopano kuti ayambe. Apereke silabasi m'manja mwa ophunzira m'malo moitsekera mu ofesi, apatule piriyodi imodzi pa sabata yolembera ndi kuchongerana mafunso kuyambira Fomu 3, ndipo kope la mafunso la chaka chino lisungidwe kuti a chaka chamawa adzalikonze ndi kuliwonjezera. Makolo nawo asinthe funso lomwe amafunsa madzulo. M'malo mofunsa mwana ngati wawerenga, amufunse kuti wayankha mafunso angati buku litatsekedwa, wamuchonga ndani, ndipo wataya malikisi pati.